Kuwerenga kalata yokana viza ya alendo ya ku Britain: chifukwa chenicheni chimapezeka pati?

Anthu ambiri amene akanizidwa viza yokacheza ku Britain amathamangira kumapeto kwa kalata yowakana, n'kuona manambala a ndime za malamulo, ndipo amaganiza kuti pamenepo ndiye pali chifukwa. Akatero amapemphanso, kulipiranso ndalama zosabwezedwa, n'kukanizidwa kachiwiri pa vuto lomwe lija. Chifukwa chenicheni nthawi zambiri chimakhala pakati pa kalatayo.

Kalatayi imakhala ndi zigawo zitatu. Chigawo choyamba chimangobwereza zimene munthu anapempha ndi kunena kuti pempholo layesedwa ndi malamulo a alendo otchedwa Appendix V. Mawu amenewa amafanana pafupifupi m'makalata onse. Chigawo chachiwiri ndi pamene mkulu woona za viza amatchula zimene waona pa fomu ndi m'zikalata za wopemphayo. Chigawo chachitatu ndi chigamulo, ndipo chimatchula ndime zimene munthu walephera kukwaniritsa.

Ndime imene imatchulidwa kawirikawiri ndi V 4.2. Mbali yake ya (a) imafuna kuti mlendo adzachoke m'dzikomo ulendo wake ukatha. Ya (c) imafuna kuti cholinga cha ulendo chikhale chenicheni komanso chololedwa. Ya (e) imafuna kuti akhale ndi ndalama zokwanira ulendo wonse popanda kugwira ntchito kumeneko. Zilembozi zimasonyeza pamene mkuluyo wafika, osati chimene chamufikitsapo.

Tiyerekeze mlimi wa fodya wa ku Kasungu amene akufuna kukaona mwana wake kwa milungu itatu. Pa fomu analemba kuti amapeza K350,000 pamwezi. Chikalata chake cha kubanki chikusonyeza kuti mu akaunti mumakhala pafupifupi K400,000, koma milungu iwiri asanapemphe viza munalowa K6,000,000 nthawi imodzi. Kalata yomukana ikunena zinthu zitatu: kuti gwero la K6,000,000 silinafotokozedwe, kuti motero mkuluyo sakukhutira kuti chuma cha mlimiyo chili monga wanenera, ndi kuti sakukhutira kuti adzabwerera kwawo. Kumapeto yatchula V 4.2 (a), (c) ndi (e).

Mlimiyo angaganize kuti zifukwa ndi zitatu, kapena kuti ndalama zinachepa. Njira yodziwira ndiyo kufunsa pa chiganizo chilichonse kuti: kodi chikutchula nambala, tsiku kapena chikalata cha munthuyu? Chiganizo choyamba chokha ndicho chikutero. Ziwiri zotsatirazo zikuyamba ndi mawu otanthauza "motero", kusonyeza kuti zatsamira pa choyambacho. Kuchotsa nkhani ya K6,000,000, zinazo zilibe poimira. Choncho chifukwa ndi chimodzi: ndalama zosadziwika kumene zachokera.

Ichi n'chifukwa chake kubwereka ndalama kwa achibale kuti akaunti ioneke yonenepa kumangokulitsa vuto. Chimene mlimiyu akusowa ndi umboni wolumikiza ndalamazo ndi ntchito yake: mapepala ogulitsira fodya ku msika wa Chinkhoma osonyeza tsiku ndi ndalama zogwirizana ndi zimene zinalowa kubanki, zikalata za kubanki za nyengo ya msika ya chaka chapitacho, ndi kalata yachidule yofotokoza kuti mlimi amalandira ndalama zake zambiri pa nyengo imodzi pachaka, osati mwezi ndi mwezi.

Si makalata onse amene ali ndi chifukwa chimodzi. Ngati kalata ikanawonjezera kuti mlimiyo sanasonyeze munda, banja kapena udindo umene ungamubweze kumudzi, imeneyo ikanakhala mfundo yoima payokha, yofuna umboni wakewake. Kukonza mfundo imodzi n'kusiya inayo kumabweretsa kukanizidwa kwina.

Pali kusiyana kwina kofunika kukuonetsetsa. Kunena kuti mkuluyo sanakhutire ndi umboni n'kosiyana ndi kunena kuti wopempha anachita chinyengo, monga kupereka chikalata chabodza. Woyambayo angathe kupemphanso nthawi iliyonse. Wopezeka ndi chinyengo angakanizidwe kwa zaka 10, ndipo ayenera kufunsa katswiri wa malamulo asanachite china chilichonse.

Mizere yomaliza ya kalata imanena ngati pali ufulu wochita apilo. Pa viza ya alendo nthawi zambiri ufuluwo palibe, choncho njira imene imatsala ndi kupempha mwatsopano. Fomu yatsopano imafunsa ngati munthu anakanizidwapo kale, ndipo yankho liyenera kukhala loona, pakuti kubisa kungatengedwe ngati chinyengo. Kalata yokanayo isungidwe bwino, chifukwa pempho latsopano liyenera kuyankha mfundo zake imodzi ndi imodzi.