Dzina la mwana lili pa tsamba liti? Lifufuzeni ndi Ctrl+F

Mndandanda wa ana amene asankhidwa kupita ku Fomu 1 kapena ku mayunivesite a boma ukatuluka, umayenda m'mafoni ngati fayilo ya PDF ya masamba ambirimbiri. Makolo amayamba kutsitsa tsamba ndi tsamba, maso ali tong'o, mpaka mayina onse ayambe kufanana. Ena amalumpha dzina la mwana wawo osaliona. Chonsecho kompyuta ikhoza kugwira ntchito imeneyi m'kanthawi kochepa.

Tsegulani fayiloyo mu Chrome kapena Edge, kenako dinani batani la Ctrl limodzi ndi F. Pa kompyuta ya Mac ndi Command ndi F. Patuluka kabokosi kolembamo mawu. Tiyerekeze kuti mukufuna mwana wa kwa Phiri. Mukangolemba Phiri, paliponse pamene pali dzinali papakidwa mtundu wowala, ndipo m'kabokosimo muoneka manambala ngati 1/60. Tanthauzo lake ndi loti dzinali lapezeka malo 60, inu muli pa malo oyamba. Enter akupititsani pa malo otsatira, Shift ndi Enter akubwezani m'mbuyo, ndipo Esc atseka kabokosiko. Pa Windows batani la F3 nalonso limapita pa malo otsatira. Pa foni palibe Ctrl, koma mu Chrome mukagunda timadontho titatu ta pakona mupeza Find in page. Mapulogalamu ambiri owerengera PDF ali ndi kachizindikiro ka galasi lokuzira zinthu kamene kamagwira ntchito yomweyo.

A Phiri 60 ndi ambiri, ndiye munthu amaganiza zolemba dzina lonse. Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi. Chida chimenechi sichiganiza ayi. Chimangofuna zilembo zimene mwalemba, m'ndondomeko yomwe mwazilembera. Mukalemba Chikondi Phiri pamene mndandanda unayamba ndi dzina la bambo, PHIRI CHIKONDI, kabokosi kayankha 0/0. Chimodzimodzinso ngati pakati pa mayina awiriwo pali dzina lina, ndipo nthawi zina zimateronso ngati mayinawo ali m'mizati yosiyana ya tebulo. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono si vuto, chifukwa Chrome sazisiyanitsa.

Nzeru yake ndi kulemba zochepa. Pa mayina a mwanayo sankhani limene si lofala, ndipo mulembe kachigawo kake kokha kamene simukukakayikira. Mayina athu amalembedwa mosiyanasiyana: wina alemba l pamene mnzake alemba r, wina aika h pamene wina saika. Ngati simukudziwa kuti analemba Malunga kapena Marunga, lembani unga basi, mudzaone onse awiri. Patuluka mayina enanso okhala ndi zilembo zomwezo, koma kudina Enter kangapo n'kopepuka kusiyana ndi kuphonya dzina. Ngati mndandandawo uli ndi manambala a mayeso, siyani mayina, lembani manambala omalizira a nambala ya mwanayo, pakuti ana awiri akhoza kufanana mayina onse koma nambala ayi.

Vuto lina ndi lobisika kwambiri, ndipo ine ndimaliona kuti ndilo loopsa. Mafayilo ena a PDF ndi zithunzi chabe: munthu anajambula pepala losindikizidwa ndi foni kapena sikana. Maso anu akuona mayina bwinobwino, koma kwa kompyuta mulibe chilembo n'chimodzi chomwe, choncho chilichonse mungalembe chikhoza kubweretsa 0/0. Kuyesa kwake n'kosavuta. Sankhani dzina limene mukuliona ndi maso pa tsamba loyamba, mulifufuze. Likapanda kupezeka, dziwani kuti fayilo yonse ndi chithunzi. Muthanso kuyesa kukoka mausi pamwamba pa mzere umodzi. Ngati mawu sakudetsedwa, nkhani ndi yomweyo. Zikatero funani fayilo yochokera kwa eni ake m'malo mwa imene yazungulira m'magulu a WhatsApp, apo ayi muwerenge ndi maso, mukutsata boma ndi sukulu ya mwanayo.

Palinso fayilo imene sinamalize kutseguka chifukwa intaneti ikuchedwa. Masamba a kumapeto amakhala asanafike, ndiye kufufuza sikungawaone. Dinani End, kapena Ctrl ndi End, mufike pa tsamba lomaliza, mudikire lioneke, kenako mufufuzenso. Kusunga fayiloyo m'kompyuta musanayambe n'kwabwino koposa.

Makolo ndi aphunzitsi, musauze mwana kuti sanasankhidwe chifukwa choti mwaona 0/0 kamodzi kokha. Yambani mwatsimikiza kuti fayiloyo si chithunzi, mufufuze ndi kachigawo ka dzina komanso ndi nambala ya mayeso, ndipo mukakayikabe kafunseni kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene mwanayo analembera mayeso.