Mtima wa wothamanga ugunde kangati?

Ophunzira anga othamanga kuno ku Benga alibe mawotchi oyezera mtima. Amagwira mtsempha wa pamkono, kuwerenga kwa masekondi 15, n'kuchulukitsa kanayi. Nanga athamange mpaka pa nambala iti?

Njira yoyamba ndiyo kuchotsa zaka za munthu pa 220. Kwa mnyamata wa zaka 20 malire ndi 200 pa mphindi, ndipo 70 peresenti yake ndi 140.

Njira yachiwiri, ya Karvonen wa ku Finland, imawerengeranso kugunda kwa mtima munthu akangodzuka m'mawa. Ngati ndi 60, tikachotsa pa 200 pamatsala 140. Apa 70 peresenti ndi 98, ndipo tikabwezerapo 60 ija timapeza 158. Mnyamata yemweyo, nambala zasiyana ndi 18.

Ine ndimakonda yachiwiri chifukwa imasiyanitsa wozolowera kuthamanga ndi woyamba kumene. Komabe zonse ziwiri zatsamira pa 220 ija, yomwe imatha kuphonya ndi 10 kapena kuposerapo. Kutentha kwa Okutobala, ludzu ndi malungo zimakwezanso kugunda kwa mtima. Mwana akadzuka ndi 75 m'malo mwa 60, thupi lili moto, sindimuthamangitsa. Ndimamutumiza kukayezetsa malungo.