Pakatha masiku awiri, jakisoniyu akufunikabe?

Pakati pa mapepala omatidwa pakhoma mu ofesi ya anamwino, pali kalata ina imene zipatala zambiri zayamba kulemba. Imachokera ku famasi, kwa mkulu woyang'anira mankhwala, ndipo pempho lake ndi lalifupi: wodwala aliyense amene wayamba kulandira maantibayotiki, pakatha maola 48 dokotala aonenso ngati mankhwalawo akufunikabe. Ngati sakufunika, asiyidwe.

Wina angadabwe kuti kalatayi ikupitiranji kwa anamwino, pamene olembera mankhwala ndi madokotala ndi makiliniko ofesa. Yankho lili m'mene mankhwalawa amayambidwira. Munthu akafika usiku thupi litatentha, akupuma movutika, dokotala sangadikire zotsatira za ku labotale. Amalemba antibayotiki wolimbana ndi mabakiteriya amitundu yambiri, ndipo kuno kwathu nthawi zambiri amakhala sefitiriyakisoni, wobayidwa mumtsempha kamodzi patsiku. Kutero nkoyenera, chifukwa kuchedwa kumapha. Vuto limabwera pambuyo pake. Dokotala uja waweruka, wotsatira wapeza mankhwala atalembedwa kale ndipo sanawakhudze, namwino akungochonga pa tchati tsiku ndi tsiku. Mankhwala oyambidwa mongoganizira amatha sabata yathunthu popanda wofunsa kuti akuchiza chiyani. Munthu amene amaona tchaticho nthawi zonse, amene amadziwa kuti wodwala wadya phala kapena wasanza, ndi namwino.

Nchifukwa chake kalata yolembedwa bwino siuza namwino kuti asiye mankhwala yekha. Imamupempha zinthu zomwe zili m'manja mwake. Polemba jakisoni woyamba, alembe tsiku ndi ola, ndipo aonetsetse kuti chifukwa choperekera mankhwalawo chalembedwa. Ngati dokotala wapempha kuti magazi akayezedwe mabakiteriya, atengedwe jakisoni woyamba asanabayidwe, koma osachedwetsa mankhwala kwa munthu wodwalika. Tsiku lachiwiri likakwana, pa nthawi yomwe madokotala akuyendera odwala, namwino atchule kuti uyu maola 48 akwana, ndipo akhale ndi mayankho pafupi: thupi likutenthabe kapena ayi, mtima ukugunda bwanji, akupuma bwanji, akudya ndi kumwa, ndipo ku labotale kwabwera chiyani. Ngati dokotala sanafike, jakisoni wotsatira aperekedwe ndithu, kwinaku akumuitana. Kalata yosanena mfundo imeneyi momveka ndi yoopsa, chifukwa wina angaganize kuti mankhwala amatha okha maola 48 akakwana.

Masiku awiri sanasankhidwe mwachisawawa. Mabakiteriya ambiri opezeka m'magazi amakhala atamera m'botolo la ku labotale pofika nthawi imeneyi, ndipo wodwala amene mankhwala akumugwira amakhala atayamba kusintha. Zomwe dokotala ankangoganizira usiku uja tsopano zikhoza kuweruzidwa ndi umboni.

Tiyerekeze mayi wina amene wagonekedwa Lolemba usiku ndi chibayo, thupi litatentha kufika madigiri 39, ndipo wayamba sefitiriyakisoni. Lachitatu, namwino akunena kuti kuyambira dzulo thupi silinafikenso madigiri 38, mtima ukugunda kosakwana ka 100 pa mphindi, wadya nsima ndipo sanasanze, komanso m'magazi simunamere kanthu. Mayiyu akufunikabe mankhwala, koma jakisoni ayi. Dokotala atha kumusinthira mankhwala akumwa monga amokisilini, nkulemba tsiku lomwe adzamalize. Kanula achotsedwa padzanja, ndipo mwina mawa lake apita kwawo. Pa bedi loyandikana pali bambo amene anayamba jakisoni yemweyo usiku womwewo, koma magazi aonetsa malungo, mankhwala a malungo amugwira, ndipo palibe chizindikiro china cha mabakiteriya. Kwa iyeyu dokotala angaone kuti antibayotiki asiyidwe basi. Pali wachitatu amene thupi likutenthabe, ndipo labotale yapeza bakiteriya wosamva sefitiriyakisoni. Ameneyu ndiye amapindula kwambiri ndi kuunikaku, pakuti pakanapanda wofunsa akanapitiriza kubayidwa mankhwala osamuthandiza mpaka matenda atakula.

Mankhwala osafunika sangodutsa m'thupi ngati madzi. Amapha mabakiteriya abwino a m'matumbo nkuyambitsa kutsegula m'mimba, ndipo kanula wokhalitsa amatupitsa mtsempha, nthawi zina nkulowetsa matenda m'magazi. Choopsa kwambiri nchakuti mabakiteriya opirira ndi amene amatsala nkuchulukana, kenaka nkufalikira m'wodi kudzera m'manja ndi zipangizo. Ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre, kumene akhala akuyeza magazi a odwala kuyambira 1998, kafukufuku anaonetsa kuti mu 2003 mabakiteriya a mtundu wa kilebusiyela opirira mankhwala a gulu la sefitiriyakisoni anali pafupifupi 12 mwa 100 alionse, koma pofika 2016 anali 90. Mankhwala otsalira olimbana nawo ndi odula, ndipo m'zipatala zambiri za m'maboma sapezeka.

Pa chipatala chomwecho anayesa kusintha zinthu m'mawodi a akuluakulu pakati pa 2016 ndi 2018. Anaika malangizo a mankhwala pa foni za madokotala, ndipo ankawerenga pafupipafupi mankhwala olembedwa nkuuza olembawo zomwe apeza. Kuunikanso pa maola 48 kunakwera kuchoka pa 22 kufika pa 73 mwa 100, ndipo gawo la mankhwala a gulu la sefitiriyakisoni linatsika kuchoka pa 80 kufika pafupifupi 54 mwa 100. Chiwerengero cha omwalira sichinakwere. Tionetsetse apa kuti sinali kalata yokha imene inachita zimenezi. Pepala lomatidwa pakhoma, popanda wobwera kudzaona ngati likutsatidwa, limafwifwa pamodzi ndi kalendala ya chaka chatha.

Ndondomekoyi ili ndi malire ake, ndipo wa ku famasi wanzeru amawatchula. Kusamera kanthu m'magazi sikutanthauza kuti matenda palibe, makamaka kwa munthu amene anagula makapisozi pa golosale nkumwa asanabwere kuchipatala. Matenda oumitsa khosi ndi a m'mafupa amafuna mankhwala kwa nthawi yotalikirapo ngakhale wodwala akuoneka kuti wapeza bwino. Mankhwala a chifuwa chachikulu ndi bakitirimu amene anthu a kachilombo ka Edzi amamwa tsiku lililonse salowa m'kuunikaku. Palinso vuto la wodwala wofika Lachisanu, amene maola ake 48 amakwana Lamulungu, pamene madokotala ndi ochepa. Kalata iyenera kunena amene aitanidwe tsiku limenelo. Ndipo tinene zoona, namwino wachinyamata kufunsa dokotala wamkulu pamaso pa anthu sikophweka. Zimapepuka ngati akuluakulu a chipatala avomereza kalatayo poyera, kuti funsolo likhale la ndondomeko, lisaoneke ngati mwano.

Kwa inu odikirira odwala, jakisoni akasinthidwa kukhala mapilitsi musaganize kuti m'bale wanu wanyalanyazidwa kapena kuti mankhwala atha ku famasi. Nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti akuchira. Funsani anamwino kuti mankhwalawo ndi a chiyani ndipo atha liti. Koma mukapita kunyumba ndi mankhwala akumwa, musasiye nokha poona kuti masiku awiri akwana. Malizani masiku amene mwalemberedwa, ndipo thupi likayambanso kutentha bwererani kuchipatala.