Nambala zitatu pa pepala la tiranzisita

Mwagula BC547 kuti mupange ampulifaya yaing'ono? Pepala lake, datashiti, lisakuopseni.

Yambani ndi VCEO, mphamvu ya magetsi imene tiranzisitayi ingapirire: mavoti 45. Batire la mavoti 9 silingaivute.

Pali ngozi ndi pa IC, magetsi oyenda mkati mwake. Malire ndi 100 mA basi. Sipika ya 8 Ω ikalandira mavoti 4 imakoka 500 mA, kasanu kuposa malirewo. Kanthu kanuko kadzatentha mpaka kuotcha chala, mawu n'kusasa, kenako zii. Pamenepo pamafunika BD139, yopirira 1.5 A, BC547 ikhale koyambirira, yokuza mawu ofooka a maikolofoni.

hFE imanena kuti imakuza magetsi kangati. Papepala alembapo 110 mpaka 800, koma inu dalirani 110, chifukwa imene mwagulayo ikhoza kukhala yofookayo.