Komishoni yapereŵera? Lembani masamu, osati mkwiyo

Wogulitsa malonda a kampani akaona kuti komishoni yake yabwera yoduka, amathamangira kulembera bwana kuti "mwandidyera ndalama zanga". Bwanayo amayankha kuti tiona, mwezi n'kutha. Imelo imene imatulutsa ndalama ndi ija yoti bwana akhoza kungoipereka kwa a zachuma, iwo n'kutenga kakyuleta, n'kupeza nambala yomweyo imene mwapeza inu.

Tiyerekeze mayi wina wogulitsa utoto m'mashopu a ku Limbe. Mgwirizano wake wa ntchito ukuti amalandira 3 peresenti pa K20,000,000 yoyamba mwezi uliwonse, ndi 5 peresenti pa zopyola pamenepo. Ukutinso komishoni imaŵerengedwa pa mtengo wopanda msonkho wa VAT, ndipo kasitomala ayambe walipira. Mu Malichi 2024 mainvoisi ake onse anakwana K34,950,000, koma papepala la malipiro panalembedwa komishoni ya K750,000.

Asanalembe, mayiyu ayambe wadzichotsera yekha zimene si zake. Ambiri amagwa apa: amaŵerengera pa ndalama yonse ya painvoisi, bwana n'kupeza cholakwa pamzere woyamba, nkhani yonse n'kufera pomwepo. VAT nthaŵi imeneyo inali 16.5 peresenti, ndipo pochotsa timagaŵa ndi 1.165, osati kuchotsera 16.5 peresenti pa ndalama yonseyo. Zikatero malonda ake ndi K30,000,000. Kasitomala mmodzi wa K2,000,000 anali asanalipire, ndiye imeneyonso ichoke. Yatsala K28,000,000.

Pamutu pa imelo alembe zomveka: "Komishoni ya Malichi 2024 yapereŵera ndi K250,000". Mkati ayambe chonchi: "Bwana, ndikupempha kuti muonenso komishoni yanga ya Malichi. Malinga ndi ndime ya komishoni mu mgwirizano wathu, ndaŵerengera motere." Kenako masamu, mzere uliwonse paokha:

```
34,950,000 / 1.165 = 30,000,000
30,000,000 - 2,000,000 = 28,000,000
20,000,000 x 3% = 600,000
8,000,000 x 5% = 400,000
600,000 + 400,000 = 1,000,000
1,000,000 - 750,000 = 250,000
```

Pambali pa mzere uliwonse aikepo mawu aŵiri atatu onena kuti nambalayo ndi ya chiyani.

Chosangalatsa n'chakuti ndalama yopereŵerayo imaulula yokha kumene inasokera. Gaŵani K250,000 ndi 5 peresenti, mupeza K5,000,000. Ndiye kuti pali malonda a K5,000,000 amene sanaŵerengedwe, ndipo painvoisi, pamodzi ndi VAT, aoneka ngati K5,825,000. Mayiyu akafufuza m'buku mwake n'kupeza invoisi ya ndalama imeneyo, wagwira mbava ndi mbuzi kumanja. Mwina kasitomala analipira kubanki pa 28 Malichi koma ofesi inalemba mu Epulo. Mwina malondawo anaikidwa m'dzina la mnzake. Kukanakhala kuti kampani inangoŵerengera 3 peresenti pa zonse, akanalandira K840,000, kupereŵera kukanakhala K160,000, ndipo mkangano ukanakhala wina: wa kamvedwe ka mgwirizano. N'chifukwa chake ndimati imelo itchule invoisiyo ndi nambala yake, tsiku limene kasitomala analipira ndi nambala ya risiti, kuti bwana asachite kusakasaka.

Pali msampha wina. Yerekezani komishoni imene msonkho wa pamalipiro sunachotsedwe, osati ndalama imene yaloŵa kubanki. Ena amadandaula kuti aberedwa, chonsecho ndi boma latenga gawo lake.

Pomaliza pa imelo pakhale pempho limodzi lokhala ndi tsiku: "Chonde, bwana, K250,000 imeneyi ibwere pamodzi ndi malipiro a Epulo. Ngati maŵerengedwe a kampani akusiyana ndi angawa, nditumizireni anu pofika Lachisanu kuti tione pamene tasiyana." Mawu omalizawo ndi ofunika, chifukwa tsopano bwana ndiye ayenera kuonetsa masamu ake. Zoti mnzanu uja amakonderedwa, kapena zoti musiya ntchito, zisaloŵemo. Phatikizani tsamba la mgwirizano, pepala la malipiro, mainvoisi ndi malisiti. Ngati za peresenti munangogwirizana pakamwa kapena pa WhatsApp, lembani tsiku limene munakambirana ndipo muike chithunzi cha uthengawo. Kuika a ofesi yolemba ntchito pa Cc tsiku loyamba lomwelo ine sindikukonda; kumamuumitsa mtima bwana amene mwina anangophonya. Aikeni pa imelo yachiŵiri.

Tsiku likadutsa kuli zii, kumbutsani pa imelo yomwe ija kuti mbiri yonse ikhale pamodzi. Zikakanikabe, m'Malaŵi lamulo la zantchito la 2000 limalola wantchito kukadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, ndipo nkhani ikhoza kufika kukhoti loona milandu ya apantchito. Kumeneko adzakufunsani mapepala. Choncho sindikizani imeloyo ndi mayankho ake lero lomwe musunge kunyumba, pakuti tsiku limene ntchito yatha, imelo ya kampani amaitseka.