Masamba khumi amene amagwira woweruza dzanja

Ku America ndi m'maiko ena opanga mafilimu ambiri kuli olemba amene amakhala pansi n'kulemba filimu yonse popanda wowatuma kapena wowalipira, ali ndi chiyembekezo choti tsiku lina wina adzaigula. Zolemba zotere amazitcha sipeki. Njira imodzi yozidziwitsira kwa anthu ndi mipikisano, monga wa Nicholl umene unayamba mu 1986 pansi pa bungwe lopereka mphotho za Oscar, ndi wa Austin Film Festival ku Texas. Mipikisano imeneyi imalandira zolemba masauzande, ndipo oyamba kuziona ndi owerenga olembedwa ganyu amene amakhala ndi mulu woti amalize. Ngakhale pamene lamulo limawauza kuwerenga mpaka kumapeto, mtima wawo umakhala utapendekera kale mbali ina akamafika tsamba la khumi.

N'chifukwa chiyani masamba khumi? Filimu imalembedwa ndi zilembo za Courier 12, ndipo pa kalembedwe kameneka tsamba limodzi limatenga pafupifupi mphindi imodzi pakanema. Filimu yathunthu imakhala ndi masamba 90 mpaka 120. Choncho masamba khumi ndi mphindi khumi zoyambirira, nthawi imene woonera amasankha kukhazikika kapena kuyamba kuseweretsa foni. Syd Field, m'buku lake la Screenplay la mu 1979, anaphunzitsa kuti pofika pamenepa wowerenga azikhala atadziwa mwini nkhani, chimene nkhaniyo ikunena, ndi vuto limene lili patsogolo pake.

Chimene chimatembenuzitsa tsamba ndi funso. Wowerenga akaona munthu amene akufuna chinthu ndi mtima wonse, n'kuonanso kuti pali chomutchinga, amafuna kudziwa ngati achipeze. Kuphulika kwa bomba kapena kuthamangitsana kwa magalimoto sikubala funso limeneli ngati sitikudziwa amene ali m'galimotomo. Olemba ambiri ongoyamba amaganiza kuti chofunika ndi phokoso, pomwe woweruza akufunafuna munthu woti amudere nkhawa.

Filimu ya Little Miss Sunshine imaonetsa bwino zimenezi. Michael Arndt anailemba ngati sipeki, inatuluka mu 2006, ndipo inamupatsa Oscar ya filimu yolembedwa bwino. Imayamba ndi Olive, kamtsikana ka zaka 7 kovala magalasi aakulu, kakuonera mpikisano wa chiphadzuwa pa kanema. Kakubweza tepi n'kumatsanzira mmene wopambanayo akudzidzimukira ndi chimwemwe. Sikanalankhule kalikonse, koma taona kale loto lake, ndipo taonanso kuti sikafanana ndi akazi ali pakanemawo. Kenako tikumva bambo ake, Richard, akulankhula mwamphamvu za kusiyana kwa opambana ndi olephera. Kamera ikatembenuka tikupeza kuti m'chipindamo muli anthu owerengeka chabe, ndipo m'manja mukuombedwa mwaulesi. Mchimwene wake wa Olive akulimbitsa thupi ali chete, agogo aamuna adzitsekera kubafa ndi mankhwala ozunguza bongo, mayi ali pa ulendo wokatenga mlongo wawo kuchipatala atayesa kudzipha. Aliyense tamupeza ali pakati pochita chinthu chomuulula. Akamadzakhala pamodzi pa chakudya chamadzulo, tikudziwa kale amene ayambane ndi mnzake, ndipo uthenga wa pafoni wonena kuti Olive ali ndi malo pa mpikisano ku California ukugwera pa banja lomwe tikulidziwa.

Phunziro lalikulu pano ndi loti filimu imalemba zokhazo zimene diso lingaone ndi khutu lingamve. Wolemba buku akhoza kunena kuti mtsikana ndi wosauka koma amakonda sukulu. Wolemba filimu alibe mwayi umenewo, ayenera kupeza chochitika chimene chinene zimenezo chokha. Tiyerekeze kuti nkhani yathu ndi ya mtsikana wa Folomu 4. Wongoyamba kumene amamudzutsa ndi tambala, kumusambitsa, kumupesa tsitsi, kumumwetsa tiyi, masamba atatu n'kutha osachitika kanthu. Owerenga aona chiyambi chodzuka m'mawachi kambirimbiri, ndipo chimawauza kuti wolemba sanadziwe poyambira. Tiyeni tiyambe chonchi:

```
INT. OKALA YA A NAMBEWE - M'MAWA

TAMANDA (17), yunifolomu yomuthina, akuwerenga makobidi
pakauntala kachitatu. Sakukwana.

A NAMBEWE akutsegula kope la ngongole. Tsamba la kwawo
kwa Tamanda ladzaza mpaka m'mphepete.

              A NAMBEWE
     Sopo kapena kandulo, mwanangu. Chimodzi.

Tamanda akuyang'ana kolala yake yakuda, kenako buku la
masamu lili m'khwapa. Akutenga kandulo.
```

Mzere woyambawo ndi mutu wa chochitika: `INT.` imatanthauza m'kati mwa nyumba, `EXT.` panja, kenako malo ndi nthawi. Dzina la munthu limalembedwa m'zilembo zazikulu pamene waonekera koyamba. Koma taonani ntchito imene timizere tochepati tagwira. Umphawi tauona m'kope la ngongole. Khalidwe la Tamanda taliona pa chimene wasankha: alolera kupita kusukulu ndi kolala yakuda kuti awerenge usiku. A Nambewe alankhula mawu asanu okha, koma tamva kuti ali ndi chifundo chimene chafika pothera. Funso labadwa: kodi mwanayu afika pa mayeso? Palibe amene wanena kuti “ndife osauka”, chifukwa anthu odziwana safotokozerana zimene onse akuzidziwa kale. Woweruza akangopeza anthu akuuzana mbiri yawo kuti ife timve, amadziwa kuti akulankhula ndi wolemba osati anthu a m'nkhani.

Maonekedwe a tsamba nawo amalankhula mawu asanawerengedwe. Ndime yofotokoza ikapitirira mizere inayi, diso limayamba kudumpha. Tsamba lodzaza ndi malangizo a kamera limalanda ntchito ya wotsogolera filimu, ndipo limachedwetsa nkhani. Maina asanu ndi atatu pa tsamba loyamba amasokoneza, makamaka akakhala ofanana ngati Chikondi, Chisomo ndi Chimwemwe. Chiyambicho chiuzenso wowerenga mtundu wa filimu: ngati ndi yoseketsa, aseke pa tsamba loyamba kapena lachiwiri, ngati ndi yoopsa, mantha amugwire msanga. Ndipo chochitika chimene chimasokoneza moyo wa mwini nkhani chisachedwe. Blake Snyder, m'buku lake la Save the Cat la mu 2005, anachiika cha pa tsamba 12. Nambalayi si lamulo, koma amene wafika tsamba 25 nkhani isananyamuke wataya kale wowerenga.

Masamba khumi abwino sangapulumutse filimu yofooka pakati, ndipo chiyambi cholonjeza zimene nkhani sidzapereka chimakwiyitsa kuposa chiyambi chodekha. Dziwaninso kuti mipikisano ikuluikulu ya ku America imafuna zolemba za m'Chingerezi, ndipo malamulo ake amasintha, choncho awerengeni chaka chomwe mukutumiza.

Musanatumize, yesani chiyambi chanu motere. Patsani munthu wosaidziwa nkhaniyo masamba khumi okha, ndipo inu musafotokoze kanthu. Akamaliza mufunseni mafunso atatu: nkhaniyi ndi ya ndani, akufuna chiyani, nanga chikumutchinga n'chiyani. Akalephera kuyankha limodzi, bwererani mukakonze. Nthawi zambiri mankhwala ake ndi kudula masamba awiri kapena atatu oyambirira n'kuyambira pamene munthu wanu wakakamizika kusankha. Akayankha onse atatu n'kukufunsani kuti tsamba 11 lili kuti, tumizani.