Kujambula Khungu Lakuda ndi Tsitsi Lopotana

Khungu lakuda limakhala ndi maonekedwe angapo: lina limapendekera kofiirira, lina kuchikasu, lina kubuluu. Wojambula waluso amayamba wazindikira maonekedwe apansiwa asanasakanize utoto.

Ambiri amalakwitsa pofuna kuonetsa kuwala. Amathira utoto woyera, nkhope n'kutuwa ngati yodzola phulusa. Khungu lakuda limanyezimira pamalo ochepa okha, monga pamphumi, pamphuno ndi pamasaya, ndipo kunyezimirako kumatengera mtundu wa kuwala komwe kulipo. Munthu wokhala panja masana, mphumi yake imalandira buluu wakumwamba, pamene kunsi kwa chibwano kumalandira kufiirira kwa dothi. Mithunzi nayo siifuna utoto wakuda wokhawokha, chifukwa umapha nkhope. Bulauni wosakaniza ndi pepo ndiye amaisunga yamoyo. Zimathandiza kujambula pansalu yopakidwa kale mtundu woderako, pakuti pansalu yoyera maso amanyengeka, wojambula n'kuyeretsa khungu mosazindikira.

Tsitsi lopotana limayamba kujambulidwa ngati chimulu chimodzi chokhala ndi mbali yowala ndi yamthunzi. Timizere topota timabwera pomaliza, m'mphepete ndi powala pokha. Mzere wautali wonyezimira ndi wa tsitsi lowongoka, ndipo pano suyenera kupezekapo.